Kuyeza chinthu pa chithunzi: chifukwa chake thabwa la mamilimita 600 limatuluka 511, ndi momwe mungakonzere

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri: "Ndinaika rula pambali pa chinthucho, ndinajambula, ndinawerenga mapikiseli, koma muyeso wasiyana ndi umene ndapeza ndi tepi. Chalakwika n'chiyani?" Wofunsayo amayamba wakayikira foni kapena pulogalamu imene wagwiritsa ntchito. Komatu kawirikawiri zonsezo zimakhala zili bwino. Vuto limakhala loti chinthucho sichinayang'anizane molunjika ndi kamera. Ndalemba zonse pano kuti aliyense wofunsanso azingowerenga.

Tiyambe tamvana pa mawu. M'kati mwa kamera, kuseri kwa lenzi, muli kachipangizo kafulati kamene kamalandira kuwala, kotchedwa sensa. Ndikamati chinthu chili sikweya ndi kamera, ndikutanthauza kuti nkhope ya chinthucho, mbali imene mukuyeza, yagona mofanana ndi sensayo, popanda mbali ina yoyandikira kamera kuposa inzake. Pikiseli ndi kadontho kamodzi mwa timadontho tomwe timapanga chithunzi.

Kamera sidziwa mamilimita. Imangotsata lamulo ili:

`mapikiseli = f × kukula ÷ mtunda`

Apa `f` ndi nambala ya m'mapikiseli yosonyeza mmene lenzi yanu imakulitsira zinthu, ndipo mtunda ndi kutalikirana kwa chinthu ndi kamera, poyeza motsata komwe kamera yaloza. Chinthu chikatalikira kawiri, chimachepa ndi theka pa chithunzi. N'chifukwa chake njanji ziwiri zimaoneka ngati zikukakumana kutsogolo. Chinthu chikakhala sikweya, mbali zake zonse zimakhala pa mtunda umodzi, choncho milimita iliyonse imatenga mapikiseli ofanana paliponse, ndipo rula imodzi imakwanira chithunzi chonse. Chikapendekeka, zinthu ziwiri zimachitika nthawi imodzi. Choyamba, mbali imene yapendekekayo imaoneka yaifupi, mogwirizana ndi `cos` ya madigiri a kupendekekako, nambala imene mumaipeza podina batani la `cos` pa kakyuleta. Pa madigiri 5 mumataya 0.4 peresenti yokha, pa madigiri 10 mumataya 1.5, pa madigiri 20 mumataya 6, ndipo pa madigiri 30 mumataya zoposa 13. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ambiri sachiganizira, mbali yoyandikira kamera imakula pomwe yakutali imachepa, moti chithunzicho sichikhalanso ndi sikelo imodzi.

Tiyeni titenge thabwa lotalika mamilimita 600, m'lifupi mwake mamilimita 300. Kamera ili mita imodzi kuchokera pakati pa thabwalo, `f` yake ndi mapikiseli 3000, ndipo thabwa lapendekeka madigiri 20 motsata m'litali mwake. Kupendekeka kotere sikudabwitsa diso. Ndi kumene kumachitika munthu akaima m'mbali mwa tebulo n'kujambula chinthu chimene chili patebulopo. Mapeto apafupi a thabwa ali pa mtunda wa mamilimita 897, akutali ali pa 1103. Pa chithunzi, m'lifupi mwa thabwa kufupi kuno ndi mapikiseli 1003, koma kutaliko ndi 816, ngakhale thabwalo ndi lofanana konsekonse. M'litali mwake mwatenga mapikiseli 1709.

Tsopano ikani rula ya mamilimita 100 mopingasa thabwa. Mukaiika kumapeto apafupi imatenga mapikiseli 334, ndipo powerengera mupeza kuti thabwa ndi lotalika mamilimita 511. Mukaiika pakati imatenga 300, ndipo thabwa lituluka 570. Mukaiika kumapeto akutali imatenga 272, thabwa lituluka 628. Thabwa ndi lomwelo, chithunzi n'chomwecho, masamu onse ndi olondola, koma mayankho ndi atatu ndipo palibe limene lili 600. Ngakhale mutaigoneka rulayo motsata m'litali, pakati penipeni, pamene ndi pabwino kuposa ponse, mupezabe 606.

Nazi njira zoti mutsate.

1. Sankhani nkhope imodzi yoti muyeze, ndipo choyezera chanu chigone pa nkhope yomweyo.

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa ngakhale kamera ili sikweya ndithu. Tinene kuti mukuyeza pamwamba pa kabokosi kochindikala mamilimita 40, rula mwaigoneka patebulo, kamera ili mamilimita 500 kuchokera patebulopo. Pamwamba pa kabokosiko pali pa mtunda wa 460, osati 500, choncho paoneka pakulu ndi pafupifupi 9 peresenti. Kwezani rulayo pa chinthu china chochindikala mofanana, kapena iikeni pamwamba pa kabokosi pomwepo. Ngati mukufuna miyeso ya nkhope ziwiri, jambulani zithunzi ziwiri.

M'malo mwa rula yokha, ndimakonda chinthu cha makona anayi chimene ndikudziwa miyeso yake mbali zonse ziwiri. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Rula imakuuzani sikelo ya mbali imodzi basi, pomwe pepala limakuuzani ya mbali ziwiri, komanso limaulula ngati chithunzi chapendekeka. Pepalalo ligone fulati; ngati makona ake akunyamuka, amateni ndi tepi yoonekera m'kati.

2. Talikirani, ndipo musagwiritse ntchito lenzi yotambalala kwambiri.

Mukatalikira, kusiyana kwa mbali yapafupi ndi yakutali kumachepa. Thabwa lathu lija, pa mita imodzi mbali yapafupi inaoneka yaikulu ndi 23 peresenti kuposa yakutali. Pa mamita atatu kusiyanako kumatsika kufika pa 7 peresenti. Kabokosi kaja nako, kamera ikakhala pa mamita awiri, kulakwika kumatsika kuchoka pa 9 kufika pa 2 peresenti. Koma dziwani kuti kutalikira sikuchotsa kufupika kwa `cos`. Madigiri 20 amadyabe 6 peresenti ngakhale mutaima kutali bwanji.

Lenzi imene mafoni ambiri amailemba 0.5x imatha kupinda mizere yowongoka, makamaka m'mphepete mwa chithunzi. Limenelo ndi vuto lina, la lenzi, ndipo njira yokonzera imene ndifotokoze pa nambala 5 siilichotsa. Gwiritsani ntchito 1x, kapena lenzi yokokera pafupi ngati foni yanu ili nayo, ndipo chinthucho chisafike m'mphepete.

3. Lunjikitsani kamera pogwiritsa ntchito kagalasi kodziyang'anira.

Malangizo ambiri amangoti "jambulani molunjika" n'kupitirira, ngati kuti n'chinthu chapafupi. Diso la munthu silitha kusiyanitsa madigiri 5 ndi ziro pamene mwagwira foni m'manja, ndipo kamera imatha kupendekeka mbali ziwiri nthawi imodzi, chakutsogolo komanso cham'mbali. Mukakonza kwina, kwinako kumasokonekera osazindikira.

Njira yodalirika ndi iyi. Tengani kagalasi kodziyang'anira kakang'ono, kafulati, kopanda chogwirira kapena chotupa kumsana kwake. Kagonekeni pa nkhope imene mukuyeza, chapakati pake. Kamera iikeni pa choimikapo cha miyendo itatu, kapena pa china chilichonse chokhazikika, chifukwa ya m'manja imasuntha pa nthawi imene mukudina. Yatsani mizere yothandiza imene imagawa sikirini, imene m'mafoni ambiri imalembedwa Grid, kuti mudziwe pakati penipeni pa chithunzi.

Tsopano pali zinthu ziwiri zoti zichitike pamodzi: kagalasi kakhale pakati pa sikirini, ndipo m'kagalasimo muone lenzi ya kamera yanu ili pakati pomwepo. Chifukwa chake n'chakuti kuwala kumabwerera njira imene kwadzera pokhapokha kukagunda galasi molunjika. Kamera ikadziona yokha pakati pa chithunzi chake, ndiye kuti yaloza nkhopeyo molunjika mbali zonse ziwiri.

Chovuta n'chakuti anthu amayesa kukonza zonse potembenuza kamera, ndiye lenzi ikafika pakati, kagalasi kamachokapo. Akabweza kagalasi pakati, lenzi imathawanso. Siyanitsani ntchito ziwirizi. Yambani ndi kusuntha kamera yonse pamodzi ndi choimikapo chake, kumanja, kumanzere, m'mwamba kapena pansi, mpaka lenzi ioneke pakati pa kagalasi, osadandaula kuti kagalasiko kali pati pa sikirini. Zikatero kamera yaima pamalo oyenera. Kenako, osaisunthanso pamalopo, itembenuzeni pang'onopang'ono mpaka kagalasi kafike pakati pa sikirini. Bwerezaninso kamodzi kapena kawiri, chifukwa potembenuza lenzi imasuntha pang'ono. Njirayi imaona ngakhale kulakwika kochepa: pa kamera ya `f` 3000, digiri imodzi yokha imasuntha chithunzithunzi cha lenzi ndi mapikiseli pafupifupi 52, zomwe zimaoneka bwino mukakulitsa.

Samalani ndi foni ya malenzi angapo. Tsekani lenzi imodziimodzi ndi chala kuti mudziwe imene ikujambula, chifukwa ndi imeneyo yofunika kukhala pakati. Musadalirenso kwambiri timitanda tiwiri timene mafoni ena amaonetsa mukaloza pansi. Timeneto timakuuzani kuti foni yagona levulo, osati kuti yafanana ndi tebulo lanu. Ngati tebulo kapena chinthucho chapendekeka, timitandato tikumana bwinobwino koma chithunzi chikhala chopendekekabe.

Mukakhutira, chotsani kagalasi osagwedeza kalikonse, n'kujambula pogwiritsa ntchito kawotchi kochedwetsa kujambula kuti chala chisagwedeze kamera. Ndionjezere chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa ambiri: kamera ikangokhala sikweya, chinthu chafulati sichifunika kukhala pakati penipeni pa chithunzi. Chimene chili chakumbali pa nkhope yomweyo chimakhala ndi sikelo yomweyo, bola lenzi isamapinde mizere.

4. Musanayeze kalikonse, fufuzani chithunzicho.

Tsegulani chithunzi pa kompyuta n'kuyeza mbali zinayi za pepala m'mapikiseli. Mbali zoyang'anizana ziyenera kufanana. Pa chithunzi chopendekeka cha thabwa lathu, A4 yogonekedwa pakati imatuluka mapikiseli 600 kumtunda ndi 664 kumunsi, umboni woonekeratu. Pa mtunda wa mita imodzi, mbali ziwiri zazifupi za A4 zikasiyana ndi 1 peresenti, ndiye kuti mwapendekeka pafupifupi madigiri 2.

Kufanana kwa mbali pakokha sikukwanira, makamaka ngati munaima patali, chifukwa kumeneko mizere imaoneka yowongoka bwino ngakhale chinthu chapendekeka. Gawaninso m'litali ndi m'lifupi. A4 iyenera kupereka 1.414. Pa chithunzi chathu ikupereka 1.33, kusonyeza kuti m'litali mwafupika. Ngati mayeso onse awiri ali bwino, werengani mapikiseli pa milimita kuchokera ku mbali yaitali ya pepala n'kuyamba kuyeza. Mu ImageJ, pulogalamu yoyezera zinthu pa zithunzi, lembani mzere pa mbaliyo, tsegulani Analyze kenako Set Scale, n'kulowetsa 297.

5. Ngati chithunzi chapendekeka ndipo simungajambulenso, chiwongoleni ndi makona anayi.

Musayese kungogawa ndi `cos`. Simudziwa madigiri enieni, ndipo ngakhale mutawadziwa, 570 uja mukamugawa ndi `cos` ya madigiri 20 mupeza pafupifupi 606, chifukwa mwakonza kufupika kokha, kusiyana kwa sikelo kwatsala. Chimene chimakonza zonse ziwiri ndi masamu otchedwa homogirafe. Ntchito yake ndi yakuti mukaiuza pamene makona anayi a pepala ali pa chithunzi, komanso pamene ali m'mamilimita, imatha kusandutsa kadontho kalikonse ka pa nkhope yomweyo kuchoka m'mapikiseli kupita m'mamilimita. Pamafunika timadontho tinayi, ndipo pasakhale titatu tokhala pa mzere umodzi.

Mu OpenCV, chida cha olemba mapulogalamu chogwirira ntchito pa zithunzi, pa chithunzi cha thabwa lathu cha mapikiseli 4000 ndi 3000, zimakhala chonchi:

```python
import cv2, numpy as np
src = np.float32([[1700,1102],[2300,1102],[2332,1941],[1668,1941]])
dst = np.float32([[0,0],[210,0],[210,297],[0,297]])
H = cv2.getPerspectiveTransform(src, dst)
p = np.float32([[[2000,733],[2000,2442]]])
a, b = cv2.perspectiveTransform(p, H)[0]
print(np.linalg.norm(a - b))
```

Mu `src` muli makona a pepala pa chithunzi, mu `dst` muli makona omwewo m'mamilimita, ndipo `p` ndi mapeto awiri a thabwa. Yankho limatuluka pafupifupi 600.2. Makona alembedwe mu dongosolo limodzi m'mizere yonse iwiri. Apa ndayambira kumtunda chakumanzere n'kuzungulira monga muvi wa wotchi. Mukasokoneza dongosolo, kapena mukasinthanitsa 210 ndi 297, pulogalamu siikuchenjezani, imangotulutsa nambala yolakwika.

Amene simulemba mapulogalamu mungagwiritse ntchito GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi. Sankhani chida cha Perspective, pa Direction sankhani Corrective (Backward), n'kukokera makona anayi a chidacho pa makona a pepala. Koma pali msampha. Chidachi chimawongola makona, koma sichidziwa kuti pepala lanu ndi 210 ndi 297. Chimene chatulukacho chimaoneka chowongoka bwino pomwe chatambasuka mbali imodzi. Yezani pepalalo mbali zonse ziwiri, ndipo sinthani kukula kwa chithunzi mbali imodzi yokha mpaka kugawa kuja kupereke 1.414. Mapulogalamu a pafoni ojambulira zikalata nawo amangoyerekeza kukula kwa mbalizi, choncho musayezere pa chithunzi chawo musanafufuze.

Kukula kwa choyezera n'kofunika kwambiri pano kuposa pena paliponse. Ambiri amakonda khadi la kubanki chifukwa miyeso yake ndi yodziwika, mamilimita 85.60 ndi 53.98. Pa chinthu chaching'ono lili bwino. Koma ligonekeni pakati pa thabwa lathu muone: mbali yake yapafupi imatenga mapikiseli 164, yakutali 160. Zonse zimene homogirafe ikudziwa zokhudza kusiyana kwa sikelo zili m'mapikiseli osakwana asanu amenewo. Mukaphonya kona ndi pikiseli imodzi, mwasokoneza gawo limodzi mwa magawo asanu a chidziwitsocho, ndipo kulakwikako kumakula pamene mukupita kumapeto a thabwa, kutali ndi khadi. Kuonjezera apo makona a khadi ndi ozungulira, moti kona yeniyeni muyenera kuipeza potalikitsa mizere ya m'mbali mpaka ikumane. Ndi A4 kusiyana kuja ndi mapikiseli 64, choncho kuphonya ndi pikiseli imodzi sikuononga zambiri. Chabwino koposa n'chakuti timadontho tinayito tizungulire chinthu chonse. Ngati chinthucho n'chachikulu, ikani zizindikiro zinayi mochizungulira, muyeze ndi tepi mbali zinayi ndi mizere iwiri yodutsa pakati kuchokera kona kufika kona. Mizere iwiriyo ikafanana, ndipo mbali zoyang'anizana zikafanananso, makona anu ali sikweya.

Posankha kona, kulitsani chithunzi mpaka muziona mapikiseli amodziamodzi, ndipo samalani kuti musadine pa mthunzi wa pepala m'malo mwa pepala lenilenilo.

6. Tsimikizani ndi muyeso umene sunalowe m'masamu.

Pepala limene mwawongolera chithunzi lidzatuluka 210 ndi 297 nthawi zonse, chifukwa ndi zimene mwauza pulogalamu. Limenelo si umboni. Ikani rula yachiwiri m'chithunzi, kutali ndi pepala, chakumapeto kwa chinthu chimene mukuyeza, ndipo igone mopendama, osati motsata mbali iliyonse ya pepala. Mukamaliza kuwongola, iyezeni. Ngati mamilimita 100 atuluka 100 kapena 101, ndiye kuti miyeso yanu m'dera limenelo ikulakwika ndi 1 peresenti kapena kucheperapo. Ngati atuluka 104, bwererani ku makona anu, ndipo onaninso ngati pepala ndi rulayo zagonadi pa nkhope imodzi.

Homogirafe imagwira ntchito pa nkhope imodzi yafulati basi. Kabokosi kochindikala kaja sikakonzeka nayo ngati pepala lili patebulo, ndipo pa chithunzi chopendekeka zimaipiraipira, chifukwa pamwamba pa kabokosi sipangokula, pamasunthiranso kumbali. Chinthu chozungulira monga paipi kapena botolo chilibe nkhope yafulati, ndipo m'mphepete mwake mmene mukuona pa chithunzi si pamene chatambalala kwambiri. Mukayandikira, mumaona gawo lochepa la thupi lake. Pa zoterezi talikirani kwambiri, ndipo rula ikhale pa mtunda wofanana ndi pakati pa paipiyo, osati kutsogolo kwake kapena kukhoma la kumbuyo. Komanso kupendekeka kukakhala kwakukulu, monga madigiri 60, mbali yopendekekayo imatsala ndi theka la mapikiseli ake, ndipo kuwongola kumangotambasula ochepa otsalawo. Pamenepo, ngati chinthucho chikadalipo, bwererani ku nambala 3 mukajambulenso.